Zolemba za Ntchito ya Nthano ya "Agogo Akufuna Chiyani?"

Epulo

Ntchito yomwe tayamba ndi yolemba kabuku ka nthano ka ana a Sitandade 3 ndi 4 a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. M'kabukumo muli mawu amodzi omwe sadzasindikizidwa pa tsamba lililonse, koma mwana ayenera kuwatulukira yekha potsatira zomwe zikuchitika m'nkhaniyo. Tikugwira ntchitoyi anthu atatu: ine wolemba, mphunzitsi wina wa ku Ngabu yemwe wakhala akuphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa nthawi yaitali, ndi mnyamata wa ku Bangula wojambula zithunzi.

Ana a kuno ndagi amazidziwa kale, ndipo ukangoti "Ndagi!" sachedwa kuyankha kuti "Gize!" Koma ndagi imapereka zizindikiro zake zonse nthawi imodzi, ndipo mwana amapeza yankho pompo kapena kugonja pompo. Nthano yathu ikuyenera kugawa zizindikirozo m'mitu isanu ndi umodzi, kuti mwana akhale ndi yankho lolakwika lomwe akulikhulupirira, kenako nkhaniyo imulande yankholo ndi kumusiya akufunafuna lina. Choncho tagwirizana lamulo limodzi lomwe tiziyesera chiganizo chilichonse: chizindikiro chili ndi ntchito pokhapokha ngati chikuchotsa yankho lina lomwe mwana anali nalo m'mutu. Chizindikiro chongokometsera nkhani, chosachotsa kanthu, tizichitaya ngakhale chitamveka bwino.

Kusankha mawu obisikawo kwatenga nthawi yambiri ya mwezi uno. Tidayamba ndi mvuu, koma tidaona kuti chizindikiro chimodzi chokha, chakuti ndi nyama yaikulu ya mumtsinje wa Shire, chimasiya mayankho awiri basi, mvuu ndi ng'ona, ndipo nthano ikhoza kutha pa tsamba lachitatu. Bwato lidakanidwa ndi aphunzitsi pa chifukwa china. Ana ambiri a ku Nsanje amayankhula Chisena kunyumba ndipo chombocho amachitchula kuti mwadiya, kotero kuti mwana akhoza kuchizindikira molondola chinthucho koma maphatikizo omwe nkhani yamupatsa osagwirizana ndi dzina lomwe lili pakamwa pake. Mwana wotero angaoneke ngati walephera pamene wakhoza.

Tasankha malambe. Chipatsochi mwana aliyense wa m'chigwa muno wachigwirapo, wachiswapo pamwala ndiponso wachimung'unyapo, ndipo mawuwo ali ndi maphatikizo atatu osavuta kulemba: ma, la, mbe. Chomwe chatikopa kwambiri ndi phatikizo lomaliza. Ng'ombe, nzimbe ndi gombe zonse zimathera pa mbe, ndipo zonsezi ndi zinthu zomwe mwana wa ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Chiromo amaziona tsiku ndi tsiku. Mayankho osocheretsa sitichita kuwapeka, chigwa chatipatsa kale.

Meyi, kumayambiriro

Funso lomwe lidatsala lidali lakuti n'chifukwa chiyani m'nkhani munthu angamve mathero a mawu popanda chiyambi chake. Sitidafune kuti phatikizolo lingoikidwa m'kabokosi pansi pa tsamba ngati ntchito ya m'kalasi, chifukwa pamenepo mwana amasiya kuwerenga nkhani n'kumangothamangira mabokosi. Tapeza njira iyi. Mtsikana wa m'nthanoyi, yemwe tamutcha Tadala, amakhala ndi agogo ake aakazi. Agogowo adwala chimfine, mawu awatsekeka ndipo chakudya chikuwakanika. Akuyesa kutchula chomwe mtima wawo ukulakalaka, koma chomwe chikumveka ndi mathero okha. Ndime yake pakadali pano ili motere:

"Tadala adagwada pafupi ndi mphasa. 'Agogo, mukufuna chiyani?' Agogo adatsegula pakamwa, koma mawu sadatuluke. Adayesanso. Tadala adatchera khutu, ndipo adangomva kuti, '...mbe.'"

Kuchokera pamenepo mutu uliwonse ndi ulendo wa Tadala wokatenga chinthu cholakwika, ndipo pokana chinthucho agogo akupereka chizindikiro chatsopano ndi manja kapena nkhope. M'mutu wachiwiri Tadala akupempha amalume ake kuti akuse ng'ombe mpaka pakhomo. Agogo akupukusa mutu n'kukumbatitsa zikhatho zawo ngati afumbatira kanthu, kusonyeza kuti chinthucho n'chokwana m'manja. Chizindikiro chimenechi chikuchotsa ng'ombe ndi gombe nthawi imodzi. Poyamba tidaganiza zoti agogo aloze pakamwa, koma aphunzitsi adatikumbutsa kuti ng'ombe nayo imadyedwa ndipo mkaka wake umamwedwa, choncho kuloza pakamwa sikukadachotsa kanthu.

M'mutu wachitatu Tadala akubwera ndi nzimbe, yomwe ikukwana m'manja ndithu ndipo ikuthera pa mbe. Ili ndilo yankho losocheretsa lamphamvu kuposa onse, ndipo tikufuna kuti ana ambiri aligwire ndi mtima wonse. Agogo akumuonetsa nkhama zopanda mano, kenako akukwinya nkhope ndi kutsinzina diso limodzi monga amachitira munthu wolawa chowawasa. Apa zizindikiro ndi ziwiri: chinthucho sichifuna mano, ndipo n'chowawasa. Ndidakayikira ngati si zambiri pa mutu umodzi, koma chachiwiri chokha ndicho chikutsogolera kutsogolo, pamene choyamba chikungotseka khomo la nzimbe, choncho tazisiya zonse.

Nthawi yomwe nkhani ikuchitikira tayisintha. M'kulemba koyamba banja la Tadala lidali pa msasa wa anthu othawa madzi osefukira, popeza ana a kuno zimenezi adaziona ndi maso, makamaka mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Koma madzi amasefukira pakati pa Januwale ndi Malichi, pamene malambe ali osakhwima. Mlambe umachita maluwa mvula ikamayandikira, ndipo zipatso zake zimauma n'kuyamba kuthyoledwa mvula itatha, m'miyezi yachisanu. Mwana wodziwa bwino zakutchire akadachotsa yekha yankho lolondola ponena kuti si nyengo yake, ndipo nthano ikadakhala ikulanga mwana wochenjera. Tsopano nkhani ikuchitika mu Juni. Mwezi umenewu chimfine chimavuta, nzimbe zikudulidwa, thonje likukololedwa, ndipo milambe yayoyola masamba n'kutsala ndi zipatso zolendewera. Chilichonse chomwe Tadala akukatenga chikupezekadi pa nthawiyo.

Meyi, kumapeto

Vuto lalikulu la mwezi uno lachokera m'Chichewa chenichenicho. Chiganizo chilichonse chonena za chinthu chobisikacho chimafuna mgwirizano, ndipo mgwirizanowo umaulula gulu la dzina. Ndikalemba kuti "Tadala adapita kukawafuna" kapena "agogo amawakonda owawasa", mwana sangafotokoze lamulo la magulu a mayina, koma khutu lake lamva kale kuti si ng'ombe ndiponso si nzimbe, chifukwa zimenezo tikadati "kukaifuna" kapena "kukazifuna". Mitu iwiri yathunthu ingagwe chifukwa cha phatikizo limodzi la pakati pa mneni. Kulemba kuti "kukazifuna" pofuna kusunga nzimbe m'maganizo a mwana nakonso n'kosaloledwa, chifukwa kumeneko n'kunama. Pamapeto mwana akabwerera kukawerenganso apeza kuti wolemba adamupusitsa ndi chiganizo cholakwika, osati ndi nzeru.

Njira yomwe tatsata ndi yogwiritsa ntchito dzina loimirira, lomwe lili ndi mgwirizano wakewake. Paliponse pomwe wofotokoza nkhani kapena Tadala akunena za chobisikacho, akuti "chinthucho" kapena "chomwe agogo akufuna", ndipo aneni onse akutsata chi-. Motero timalemba kuti "Tadala adapita kukachifuna", ndipo chiganizocho n'choona kaya yankho ndi ng'ombe, nzimbe kapena malambe. Kuipa kwake n'kwakuti chi- amakokera ana ena ku chimanga, chinangwa ndi chambo. Izi sizikutidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mayankho onsewa amagwa okha mwana akakumbukira mbe wa m'mutu woyamba, ndipo kukumbukira kumeneko ndi luso lomwe tikufuna kuti alizolowere.

Ndawerenga zolemba zonse mokweza, ndikulemba mzere kunsi kwa mneni aliyense ndi mfotokozi aliyense woloza chobisikacho. Malo ovuta kwambiri ndi zoyankhula za anthu ena, monga amalume ndi mayi wogulitsa pamsika, chifukwa munthu poyankhula sabwereza "chinthucho" kawirikawiri. Pamenepo ndasintha ziganizo kuti zikhale mafunso kwa Tadala. Mayi wa pamsika akungofunsa kuti, "Mwanawe, agogo ako ati chiyani kwenikweni?" ndipo funsoli likugwiranso ntchito yokumbutsa owerenga zizindikiro zomwe zapita.

Mutu wachinayi ndi womwe ndikuukonda. Tadala, poganizira za kuwawasa kokha, akugula bwemba pamsika ndipo akuthamanga nazo zipatsozo ali wokondwa. Zipatso za bwemba n'zowawasadi, zimakwana m'manja ndipo sizifuna mano, koma dzinalo limathera pa mba, osati mbe. Apa tikufuna kuti owerenga aone cholakwacho Tadala asanachione. M'mitu itatu yoyamba mwana amasokera limodzi ndi Tadala, koma pano kwa nthawi yoyamba akumuposa, ndipo kuyambira pamenepo amayamba kudalira mutu wake m'malo modikira kuti mtsikana wa m'nkhani amuganizire. Kumapeto kwa mutuwu agogo akuomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, ndipo pa kuomba kwachitatu akunong'ona mbe. Ana adazolowera kuomba m'manja powerenga maphatikizo m'kalasi, choncho sitikufotokoza tanthauzo lake. Chiwerengero cha maphatikizo tachisungira mpaka pano mwadala. Ng'ombe, nzimbe ndi gombe zonse zili ndi maphatikizo awiri, kotero kuti mabokosi atatu olembamo yankho akadaoneka pa tsamba loyamba, mayankho onse osocheretsa akadafa nkhani isanayambe.

Juni

Tayesa nthanoyi ndi gulu loyamba la ana, pansi pa mtengo, aphunzitsi akuwerenga mokweza popanda zithunzi. Kayesedwe kake n'kosavuta ndipo tikupitiriza nako. Mwana aliyense ali ndi pepala logawidwa m'mizere isanu ndi umodzi. Mutu ukatha, aphunzitsi amaima, mwana amalemba yankho lake pa mzere wa mutuwo n'kupinda pepalalo kuti mnzake asaone, ndipo palibe wololedwa kutchula yankho mokweza mpaka kumapeto. Popanda lamulo limeneli mwana mmodzi wachangu amafuula, ndipo kalasi lonse limangomutsatira. Tikatolera mapepalawo timaona mutu womwe mwana aliyense adapezera yankho.

Cholinga chathu ndi chakuti pofika kumapeto kwa mutu wachitatu opeza asapitirire mwana mmodzi mwa ana asanu, pofika mutu wachisanu akhale opitirira theka, ndipo pa mutu womaliza pafupifupi onse. Mapepala amaonetsa matenda awiri osiyana. Ngati ana ambiri apeza msanga, ndiye kuti penapake pali chiganizo chomwe chikuulula. Ngati mizere yambiri ili yopanda kanthu, ndiye kuti chizindikiro cha mutuwo chachotsa yankho lakale koma sichidapereke poyambira kuganiza. Mzere wopanda kanthu ndi woipa kuposa yankho lolakwika, chifukwa mwana wolemba zolakwika akadali m'masewerawo pamene wosalembayo wayamba kutuluka.

Mayankho a mutu woyamba adatiphunzitsa chinthu chomwe tonse atatu sitidachiganizire. Ana angapo adalemba kuti "asambe", ndipo wina adalemba kuti "ayimbe". Anawa sadalakwe. Munthu wodwala yemwe wagona pamphasa akhozadi kufuna kuti asambe, ndipo aneni ambiri a Chichewa amathera pa mbe akakhala m'kanenedwe kofuna kapena kolamula: alembe, aumbe, ayimbe. Choopsa kwambiri n'chakuti a-sa-mbe alinso ndi maphatikizo atatu, choncho kuomba m'manja kwa m'mutu wachinayi kukadawalimbikitsa anawo m'kusokera kwawo. Takonza zinthu ziwiri. M'mutu woyamba agogo tsopano akutambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, monga munthu wopempha kuti amupatse kanthu, ndipo Tadala akunena yekha kuti, "Agogo akufuna ndiwabweretsere chinthu." Kenako ndafufuza pa kompyuta malo onse omwe pali `mbe` m'zolembazo ndi kuchotsa mneni aliyense wothera choncho. Chiganizo chakuti "amayi adauza Tadala kuti asambe m'manja" chasanduka "amayi adamupatsa madzi osamba m'manja". Tsopano mbe akupezeka pakamwa pa agogo ndi m'mayina a zinthu zomwe Tadala akubweretsa basi.

Pa mutu wachitatu zinthu zidayenda monga tidafunira. Nzimbe idadzaza mapepala pa mzere wachiwiri, ndipo agogo atakwinya nkhope padamveka kung'ung'udza pakati pa anawo. Mutu wachisanu ndiwo udafooka. M'kulemba kumeneko agogo ankagwedeza chibakera pafupi ndi khutu, kusonyeza kuti chinthucho chimalira ukachigwedeza, monga chimachitira chipatso cha mlambe chikauma bwino ndipo zam'kati zalekana ndi chikamba. Ana omwe amathyola okha malambe adazindikira pompo. Koma ana okhala pafupi ndi msika, omwe amagula malambe oswa kale oikidwa m'timapepala tapulasitiki kapena amangowadziwa m'mafilizi, chizindikirochi sichidawauze kanthu, ndipo ena adalemba maseche. Taonjeza chizindikiro chachiwiri chochokera m'kati mwa chipatso. Agogo akuloza phulusa loyera la pamoto, kenako akuloza lilime lawo. Ufa woyera wowawasa aliyense amaudziwa, kaya adathyola yekha kaya adagula.

Julayi

Mapepala a gulu lachiwiri abweretsa funso lomwe tidayenera kuliyankha tisanapite kosindikiza: kodi mwana wolemba kuti "mlambe" wakhoza kapena walakwa? Poomba m'manja, m-la-mbe amatulutsanso kuomba kutatu, chifukwa m woyambayo amaima payekha ngati phatikizo, ndipo ana ena amalemba kuti "mulambe". Mwana wotero wafika pa mtengo wolondola koma sadatchule chipatso. Nthano yolonjeza mawu amodzi iyenera kukhala ndi yankho limodzi, ndipo ngati mayankho awiri akukwana pa zizindikiro za maliwu, mlandu ndi wa nthanoyo.

Choncho phatikizo loyamba liyenera kuperekedwa, ndipo talipereka m'mutu wachisanu kudzera mwa khanda, mlongo wake wa Tadala, yemwe akuphunzira kuyankhula. Khandalo likukwawira pamphasa likunena kuti "ma, ma", ndipo agogo akuliloza mwamphamvu, akuomba m'manja kamodzi, kenako akukweza chala chimodzi kusonyeza kuti limenelo ndi loyamba. Khandali tidaliika kale m'mutu woyamba ndi wachitatu likunena zomwezo popanda wolilabadira, kuti pofika m'mutu wachisanu lisaoneke ngati langogwa kumwamba kudzapulumutsa wolemba. Phatikizo lapakati, la, silikuperekedwa paliponse. Limenelo ndi gawo la mwana, ndipo tikadalipereka sipakadatsala choti atulukire koma kungolumikiza.

Aphunzitsi adayesa mpata wa ma ... mbe ndi mawu ena onse omwe adawakumbukira, ndipo adapeza magombe, omwe akukwana ndendende m'mabokosi atatuwo. Sitidasinthe kanthu, chifukwa magombe adagwa kale m'mutu wachiwiri pa chizindikiro cha chinthu chokwana m'manja. Nthanoyi ili ndi mizere iwiri ya zizindikiro, wa maliwu ndi wa maonekedwe a chinthu, ndipo yankho limakhala limodzi pokhapokha mwana akaigwiritsa ntchito yonse iwiri. Wotsata maliwu okha angafike pa magombe, ndipo wotsata maonekedwe okha angafike pa bwemba.

M'tsamba la malangizo a mphunzitsi talembamo za kalembedwe. Ana ena alemba kuti "marambe". Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati r amabwera pambuyo pa e ndi i, pamene l amabwera m'malo ena onse, choncho pambuyo pa ma payenera kukhala la. Koma mwana wotero yankho walipeza, ndipo tapempha kuti ayambe wayamikiridwa chifukwa chotulukira, kukonza lembo kubwere pambuyo pake. Wolemba "mlambe" afunsidwe funso limodzi lokha, lakuti kodi mtengowo ungakwane m'manja mwa agogo.

Panali kusiyana maganizo pa kawerengedwe. Ine ndinkafuna mutu umodzi pa tsiku, kuti ana azipita kunyumba ali ndi funso m'mutu. Aphunzitsi adakana, ponena kuti kholo lililonse la kuno likangomva mbe ndi kuwawasa litchula yankho pa chakudya chamadzulo, ndipo m'mawa mwake kalasi lonse lidzakhala likudziwa. Mfundo yawo ndi yolimba kuposa yanga. Nthano yonse iziwerengedwa m'phunziro limodzi, ndipo chifukwa cha chimenecho ndaidula kuti isapitirire mawu 700, ziganizo zambiri zikhale za mawu osapitirira khumi.

Ogasiti

Zithunzi zafika, ndipo zaonetsa kuti chithunzi chimaulula msanga kuposa chiganizo. Mlambe ndi mtengo womwe mwana amauzindikira ngakhale utajambulidwa waung'ono kumbuyo kwa nyumba, chifukwa cha thunthu lake lonenepa ndi nthambi zopanda masamba. Wojambula adauika m'chithunzi cha mutu wachiwiri, kuseri kwa khola, pofuna kuti malowo aoneke kuti ndi kwathu kuno. Tidakambirana kwa nthawi ngati tiusiye ngati chizindikiro cha ana openyetsetsa. Tagwirizana zouchotsa, popeza mwana yemwe wamva mbe mphindi zochepa zapitazo sangauone mtengowo n'kulephera kuutchula. M'malo mwake muli migwalangwa ndi munda wa thonje, zomwe zikuonetsabe chigwa chathu popanda kuulula kanthu. M'chithunzi cha pamsika tachotsamonso milu ya zipatso zotuwa yomwe idali pafupi ndi mayi wa bwemba. Pachikuto pali nkhope ya Tadala yekha atatchera khutu.

Manja a agogo ndiwo afunika kujambulidwanso mosamala. Zizindikiro zambiri za nthanoyi zili m'manja ndi pankhope, ndipo chithunzi chikalakwika chimanama. Zikhatho zokumbatirana zidatuluka zothina kwambiri, ngati zafumbata dzira, pamene chipatso cha mlambe chimadzaza manja onse awiri a munthu wamkulu. Wojambula wazitakasa tsopano.

Kabukuka kali ndi masamba 16, kutanthauza mapepala anayi a A4 osindikizidwa mbali zonse ziwiri, opindidwa pakati ndi kumangidwa ndi mawaya awiri. Zilembo tasankha za `Andika`, zomwe zidakonzedwera ana oyamba kuwerenga, ndipo a wake amafanana ndi yemwe mwana amalemba ndi dzanja. Kayalidwe ka masamba tidakasintha titapinda kabuku koyesera. Mitu ikamayambira pa tsamba la kumanja, mathero a mutu wina amayang'anizana ndi chiyambi cha mutu wotsatira, ndipo mwana akamalemba yankho la mutu woyamba amakhala akuona kale chithunzi cha ng'ombe. Tsopano mutu uliwonse ukuyambira kumanzere ndi kuthera kumanja: woyamba pa masamba 2 ndi 3, wachiwiri pa 4 ndi 5, mpaka wachisanu pa 10 ndi 11. Kuti aone zotsatira, mwana ayenera kutembenuza tsamba.

Mutu womaliza watenga masamba 12 mpaka 15. Chithunzi cha mlambe sitidachiike pa tsamba 12, chifukwa limenelo ndi kuseri kwa tsamba 11, ndipo pa pepala wamba la mu ofesi inki yakuda ya thunthu lalikulu imaonekera mwana akanyamula buku padzuwa. Pa masamba 12 ndi 13 Tadala akuyenda ndi amalume ake kutchire, akumva anyani akukangana m'mwamba, ndipo chinthu cholimba chikugwa pansi n'kusweka. Mtengo ukuonekera pa tsamba 14. Pa tsamba 15 amayi akusungunula ufa woyera uja m'madzi, akusefa njere ndi kuthira m'phala, agogo akudya, ndipo mawu awo akutseguka. Chiganizo chomaliza chikuti, "Agogo adamwetulira nati, 'Zikomo mdzukulu wanga, wandipezera...'" ndipo chikuthera pomwepo.

Mabokosi atatu olembamo yankho tawachotsa m'buku. M'sukulu zathu buku limodzi limadutsa m'manja mwa ana ambiri, ndipo woyamba akangolembamo, ngakhale ndi pensulo, kabukuko kafa kwa onse obwera pambuyo pake. Pansi pa tsamba 15 pali langizo lakuti mwana ajambule mabokosi atatu m'kope lake ndi kulembamo phatikizo limodzi m'bokosi lililonse. Yankho lenileni lili pa tsamba la mphunzitsi lokha, lomwe likusindikizidwa padera.

Seputembala

Kuyesa konse komwe tachita mpaka pano kudali kwa aphunzitsi akuwerenga mokweza, ndipo mawu a munthu wodziwa yankho amathandiza ana mosazindikira: amachedwa pa chiganizo chofunika, amakweza mawu pa mbe, ndipo nthawi zina amachita ndi manja zomwe agogo akuchita. Kuyesa kotsatira kukhala kwa ana akuwerenga okha chamumtima, awiriawiri pa buku limodzi, ndi zithunzi zatsopano, m'dera la kufupi ndi Nsanje boma komwe ana ambiri amayankhula Chisena kunyumba. Tikayang'ana makamaka mzere wachinayi wa mapepala awo. Kuomba m'manja katatu kumamveka bwino munthu akamawerenga mokweza, koma pa pepala ndi chiganizo chimodzi chachifupi chomwe mwana wofulumira angachidumphe. Ngati mayankho a maphatikizo awiri apitirirabe kuoneka pambuyo pa mutu wachinayi, tidzalemba kuombako m'mizere itatu yosiyana, "Phwa! Phwa! Phwa!", ndipo mbe adzaikidwa pambali pa mzere wachitatu. Wojambula wasiya kale mpata wa mizere imeneyo pa tsamba 9.